Nyama Ikhale Nthawi Yaitali Bwanji M'zokometsera?

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, kenaka itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Lero tikamba za nyama isanafike pamoto. Ambirife tikafuna kuwotcha kanyenya kapena nkhuku timayamba taipaka mchere, adyo, tsabola ndi mandimu, n'kuisiya kanthawi kuti zilowerere. Pa kanthawi kameneko ndi pamene anthu amasiyana maganizo. Ena amati mphindi 30 zakwana, ena amati igone usiku wonse, ndipo alipo ena amene amaisiya masiku awiri mufiliji poganiza kuti ikakhalitsa ndiye ikoma kwambiri. Mu situdiyo muno ndili ndi mayi amene amaphunzitsa zophikaphika, komanso amaphikira maukwati ndi zinkhoswe. Mayi, takulandirani.

MAYI: Zikomo achimwene, ndipo moni kwa omvera onse.

WOULUTSA: Tiyambe ndi funso lenilenilo. Nyama iyenera kukhala nthawi yaitali bwanji m'zokometsera?

MAYI: Munthu akandifunsa choncho, ine ndimamufunsanso kuti wathiramo chiyani, chifukwa zinthu zimene timasakaniza m'mbale imodzi zija siziyendera nthawi imodzi. Mchere umafuna nthawi, ndipo ukaupatsa usiku wonse umachita bwino. Zowawasa, monga mandimu ndi viniga, zimafuna ola limodzi kapena awiri, kupitirira apo zimayamba kuwononga. Papaya wosapsa ndi chinanazi chachiwisi ndiye zachangu kuposa zonse. Tsono amene wathira mchere ndi adyo basi ali ndi yankho lake, amene wafinyiramo mandimu atatu ali ndi lake. Vuto limabwera munthu akatenga nthawi ya mchere n'kuipereka kwa mandimu.

WOULUTSA: Nanga adyo, anyezi ndi tsabola? Si zimenezo zimene timadikira kuti zilowe mpaka m'kati?

MAYI: Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa ndikawauza. Zimenezo sizilowa mpaka m'kati. Ndikupatseni njira yoti mudzionere nokha kunyumba. Tengani nthuli ya ng'ombe yokulirapo, muipake ufa wa kari wachikasu uja pamodzi ndi mafuta ndi adyo, muisiye mufiliji usiku wonse. M'mawa muidule pakati ndi mpeni wakuthwa. Mupeza kamzere kachikasu kozungulira m'mphepete, kochepa ngati milimita imodzi kapena awiri, ndipo m'kati monse nyama ili yofiira monga munaigulira. Fungo la adyo limalekezera chapomweponso.

Chifukwa chake n'chakuti nyama yaiwisi ndi yodzaza kale. Magawo atatu mwa anayi a nyama yopanda mafuta ndi madzi, ndipo madziwo ali m'kati mwa minofu yothinana. Mulibe mpata woti msuzi wina ulowemo. Fungo la zokometsera zambiri limasungunuka m'mafuta, ndipo mafuta ndi madzi sizigwirizana, choncho zimangokhala pamwamba. Chimene chimayenda n'kufika pakati ndi mchere, chifukwa tizidutswa take n'tating'ono kwambiri ndipo timasungunuka m'madzi a nyama yomweyo.

WOULUTSA: Ndiye kuti adyoyo timangomutaya?

MAYI: Ayi, satayika. Pamwamba pa nyama ndi pamene moto umafika, ndiponso ndi pamene lilime limayambira. Adyo ndi anyezi zikapsa pamodzi ndi mafuta pamakala, fungo limene limaitana anthu apanjira lija limachokera pamenepo. Chimene ndikunena n'chakuti kukoma kwa zimenezi sikudalira masiku, kumadalira kukula kwa nthuli. Mukadula nyama m'nthuli zing'onozing'ono, malo opakapo zokometsera amachuluka, ndipo nthuli iliyonse imene mwaika m'kamwa ili ndi mbali zake zonse zokoma. Anyamata a kanyenya a m'mbali mwa msewu sanyika nyama yawo usiku wonse, koma taonani mmene amaidulira. Pa ntchafu ya nkhuku kapena chambo chathunthu, njira yake ndi kucheka mizere yakuya mpaka pafupi ndi fupa kapena munga, n'kulowetsamo zokometserazo ndi chala.

WOULUTSA: Tibwerere ku mchere. Kwathu amati ukathira mchere msanga nyama imauma, imataya madzi.

MAYI: Amene amanena zimenezo anaona chinthu choona, kungoti sanadikire kuti aone mapeto ake. Mukawaza mchere pa nyama, pakapita mphindi zisanu kapena khumi mumaona timadontho ta madzi tikutuluka pamwamba. Mchere ukukoka madzi. Mukaiika pamoto nthawi imeneyo, madzi aja agwera pamakala, ndipo nyamayo ikhala ikuwira m'malo mopsa. Koma mukaisiya, madzi aja amasungunula mchere, ndipo mcherewo umayamba kulowa m'nyama. Pakatha mphindi 40 kapena ola limodzi, madzi ambiri aja amakhala abwerera, pamwamba payamba kuuma.

M'katimo mchere umachita ntchito ina imene maso saona. Umamasula ena mwa mapuloteni a m'minofu, moti nyamayo ikafika pamoto sifinyika kwambiri. Mukudziwa kuti nyama ikamapsa imakhwinyata n'kumatulutsa msuzi wake. Yothiridwa mchere nthawi yabwino imakhwinyata pang'ono, ndipo msuzi wambiri umatsala m'kati. N'chifukwa chake chidali cha nkhuku chimene chagona ndi mchere chimatuluka chofewa, pamene chinzake chothiridwa mchere chili kale pamoto chimakhala chouma m'kati, chopanda mchere pakati, koma kunja kuli mchere wokhawokha.

Choncho pa mchere pali nthawi ziwiri zabwino. Mwina muthire pomwe mukuika pamoto, kapena muthire kudakali ola limodzi kapena kuposerapo. Nthawi yoipa ndi yapakatiyi, ya mphindi 10 mpaka 30.

WOULUTSA: Wochuluka bwanji? Chifukwa ukagona usiku wonse n'kukhala wambiri, palibenso chochita.

MAYI: Zoona, mchere ukalowa sutulukanso ndi kutsuka. Muyeso wosavuta kukumbukira ndi magalamu 10 pa kilogalamu imodzi ya nyama. Ndiwo pafupifupi masipuni a tiyi awiri a mchere wosalala wa m'paketi, osadzaza mpaka kuchita phiri, koma ofafaniza ndi chala. Ngati nyamayo ili ndi mafupa ambiri, monga nkhuku yoduladula kapena nthiti za mbuzi, chepetsani mpaka sipuni imodzi ndi theka, chifukwa fupa silimwa mchere. Chenjeraninso ndi zokometsera zogula zosakaniza kale zija, za m'timapaketi ndi m'timabotolo, komanso timibulu tokometsera msuzi. Zambiri mwa izo mchere ndiye wochuluka. Werengani pa paketipo, kapena mulawe ndi nsonga ya chala musanathire pa nyama. Ngati zikumveka mchere, wanu uja mudule ndi theka.

(Nyimbo yaifupi)

WOULUTSA: Tikupitiriza kukamba za kunyika nyama m'zokometsera. Mayi, munanena kuti mandimu amawononga. Komatu ife timathira mandimu kuti nyama ifewe.

MAYI: Amafewetsa pang'ono, pamwamba pokha, ndiponso kwa kanthawi. Madzi a mandimu ndi viniga muli asidi wamphamvu ndithu. Asidiyo akakhudza nyama amasintha mapuloteni ake mofanana ndi mmene moto umachitira. Poyamba minofu ya pamwamba imamasuka. Nthawi ikamapita imasintha mtundu, yofiira ija imasanduka yotuwa, ya nkhuku imachita mbuu. Mukaiwotcha nyama yoteroyo, kunja kwake kumakhala kouma ndi konyenyeka m'kamwa, pamene m'kati, mmene munkafuna kuti mufewe, muli molimba chimodzimodzi, chifukwa asidiyo sanafikemo.

Pa nsomba mpamene zimaonekera msanga. Finyirani ndimu pa mnofu wa chambo, mubwereko pakatha theka la ola. Mnofu umene unali wowala uja mupeza wayera ngati wapsa kale. Ku Peru amadya nsomba yokonzedwa mwa njira imeneyi, ya m'nyanja ya mchere, yonyikidwa m'madzi a mandimu popanda moto. Ife ndi nsomba zathu za m'nyanja ndi m'mitsinje tisayese zimenezo, chifukwa mandimu amasintha maonekedwe okha, satha kupha tizilombo tonse monga umachitira moto. Chimene tikutengapo apa n'chakuti nsomba siifuna nthawi. Mphindi 15 mpaka 30 m'mandimu zakwana, kenaka ipite pamoto.

WOULUTSA: Nanga nkhuku?

MAYI: Nkhuku zoyera zogula m'mashopu zija zimaphedwa zili ndi milungu isanu kapena isanu ndi umodzi, choncho mnofu wake ndi wanthete kale. M'mandimu kapena viniga wambiri isapitirire maola awiri, makamaka chidali. Nyama ya ng'ombe ndi ya mbuzi imapirira kuposa apo, koma ine sindiona chifukwa choisiyira m'zowawasa usiku wonse. Ngati mukufuna kukoma kwa ndimu, pali njira ziwiri zabwino kuposa. Yoyamba, palani khungu la ndimu, mbali yobiriwira kapena yachikasu yokhayo, osafika poyera powawa paja, muthire m'zokometsera kuyambira pachiyambi. Fungo la ndimu lili m'khungumo, ndipo khungulo silitafuna nyama. Yachiwiri, madzi a ndimuwo muwathire ola lomaliza, kapena mufinyire pa nyama itapsa kale.

Koma pali chowawasa china chimene chili chaulemu, ndicho chambiko kapena yogati yopanda shuga. Asidi wa m'mkaka wowawasa ndi wofatsa, amagwira ntchito pang'onopang'ono, ndipo chambikocho chimamatira pa nyama n'kugwira zokometsera kuti zisagwe. Amwenye ndi anthu a ku Pakistan amagoneka nkhuku m'yogati ndi adyo, jinja ndi tsabola asanaiwotche m'uvuni wawo wadothi. Ifenso chambiko tili nacho m'magolosale. Pa kilogalamu imodzi ya nkhuku, theka la kapu lakwana, ndipo ikhoza kukhala maola 4 mpaka 12 mufiliji osawonongeka. Ine pa nkhuku yowotcha ndimaika chambiko patsogolo pa mandimu.

WOULUTSA: Ndiye mwina chambikocho chingatithandize pa nkhuku yachikuda, tambala wamkulu uja wotha mano?

MAYI: (akuseka) Tambala ameneyo musamunyengerere ndi zokometsera, achimwene, mungotaya nthawi. Kulimba kwake kuli m'mitsempha ndi m'timinyewa toyera timene timakulunga minofu, ndipo nyama ikamakula n'kumayendayenda, timeneti timakhwima. Mchere sungatisungunule, mandimunso ayi. Chimene chimatisungunula ndi kuwira nthawi yaitali pamoto wochepa, maola awiri kapena atatu, mpaka timinyewato titasanduka msuzi wonanda uja. Ndi mmene timaphikira mang'ina. Choncho tambala, nyama ya m'khosi mwa ng'ombe, ya m'miyendo kumunsi, zonsezi ndi za mumphika. Mukafunitsitsa kuti zimveke utsi wa makala, yambani mwaziwiritsa ndi mchere, anyezi ndi adyo mpaka zifewe, kenaka muzipake mafuta ndi tsabola n'kuziika pawaya mphindi zochepa.

WOULUTSA: Agogo anga ankakulunga nyama yolimba m'masamba a papaya. Zinali zoona kapena ndi chikhulupiriro chabe?

MAYI: Agogo anuwo ankadziwa. Mukakanda papaya wosapsa mumaona utomoni woyera ukutuluka. Mu utomoni umenewo muli chinthu chotchedwa papaini, chimene chimadula mapuloteni a nyama, ngakhale timinyewa tolimba tija. M'masamba mulinso, ngakhale mochepa, n'chifukwa chake ankayamba awafinya kapena kuwasinja pang'ono asanakulunge. Ufa wofewetsera nyama wogulitsa m'mashopu uja, nthawi zambiri mphamvu yake ndi papaini yemweyu kapena mnzake wochokera m'chinanazi.

Koma papaya sadziwa polekezera. Mandimu amaumitsa, papaya amasungunula. Mukamuchulutsa kapena kumusiya nthawi yaitali, pamwamba pa nyama pamachita ngati phala, pamatsalira pa zala mukagwira, ndipo mukawotcha sipachita kakhungu kokazingika kaja. M'kamwa nyamayo imangophwanyika popanda chotafuna. Chinanso chimene ambiri sadziwa, papaini amagwira ntchito kwambiri akatenthedwa, pa madigiri 60 mpaka 70. Ndiye kuti nyama imene ikuoneka bwinobwino pochoka m'mbale imapitiriza kufewa pamene yayamba kutentha pamoto. Musadikire kuti muone kufewa isanapse. Mukakuona, mwachedwa kale.

WOULUTSA: Muyeso wake ndi wotani?

MAYI: Papaya wosapsa wopala pamodzi ndi khungu lake, masipuni aakulu awiri pa kilogalamu imodzi ya nyama yoduladula. Panja, ola limodzi lisapitirire. Mufiliji, poti kuzizira kumamuchedwetsa, maola awiri kapena atatu. Musanawotche, mupukute. Madzi a chinanazi chachiwisi ndiye musawapatse kuposa theka la ola. Chinanazi cha m'chitini, kapena juwisi wa m'mabokosi amene anatenthedwa kufakitale, alibe mphamvu imeneyi, amangopereka kutsekemera. Ndipo papaya ndi wa nyama ya ng'ombe kapena mbuzi yokhwimirapo. Pa nkhuku yoyera ndi nsomba musamuyandikize n'komwe. Musambenso m'manja mukatha, utomoni uja umayabwa pakhungu.

(Nyimbo yaifupi)

WOULUTSA: Mayi, tiyeni tsopano tiphike. Tinene kuti ndili ndi alendo Loweruka masana, ndipo ndikufuna kuwawotchera kilogalamu imodzi ya mbuzi. Ndichite chiyani, nthawi yanji?

MAYI: Tiyambe ndi munthu amene ali ndi filiji. Gulani nyamayo Lachisanu, ndipo mupemphe ya pantchafu kapena ya kumsana, chifukwa ndiyo yoyenera moto wachangu. Kugula Lachisanu kuli ndi phindu lina. Mbuzi ikangophedwa, pakapita maola ochepa minofu yake imauma gwa, ndipo imayamba kumasuka yokha ikagona pozizira tsiku limodzi kapena kuposerapo. Kufewa kwina kumene anthu amayamikira zokometsera kumachokera pa kugona kumeneku.

Lachisanu madzulo, chotsani timinyewa toyera tonyezimira tili pamwamba tija ndi nsonga ya mpeni. Dulani nthuli zokula ngati zala ziwiri mbali zonse, ndiye kuti pafupifupi masentimita atatu, ndipo podula mupingase ulusi wa mnofu, osautsata. Kupingasa kumeneku kumafewetsa nyama kuposa ndimu iliyonse. Mafuta a mbuziyo musachotse onse, siyani pang'ono.

Mu kamtondo sinjani adyo tizidutswa tisanu, jinja wamuwisi wotalika ngati chala chachikulu, tsabola wa kambuzi mmodzi kapena awiri malinga ndi alendo anu, ndi masipuni a tiyi awiri a mchere aja. Mcherewo umathandiza kuti adyo asinjike bwino. Onjezani anyezi mmodzi wopala, khungu la ndimu imodzi, ndi masipuni aakulu atatu a mafuta ophikira. Mafutawo ntchito yake ndi kutenga fungo la adyo ndi tsabola n'kulimwaza pa nthuli zonse, komanso kuteteza kuti nyama isamatire pawaya. Pakani ndi manja mpaka nthuli iliyonse inyezimire. Simukufuna msuzi woti nyama izisambira, mukufuna zokometsera zomatira. Ikani m'mbale yapulasitiki yovundikira, yagalasi, kapena m'jumbo yoyera yosungira chakudya, mufinye mpweya utuluke, n'kuika pansi penipeni mufiliji kuti isadonthere pa zakudya zina.

WOULUTSA: Madzi a ndimu simunawatchule.

MAYI: Akudikira Loweruka. Ngati alendo adya 1 koloko, cha m'ma 11 koloko finyirani ndimu ija munapala dzulo, masipuni aakulu awiri, musakanize, mubwezere mufiliji. Nthawi imeneyo mukhala mukuyatsa makala. Ikamakwana 12 koloko tulutsani nyama, ndipo apa pali kanthu kamene ambiri amalumpha. Kunthani nthulizo, muchotse anyezi ndi adyo wochuluka amene wamatirira, ndipo ngati zili zonyowa muzipukute pang'ono ndi pepala la kukhitchini kapena kansalu koyera kamene muchape mukatha. Nyama yonyowa siifiira. Madzi amawira pa madigiri 100, pamene kufiira kokoma kuja kumayamba bwino kutentha kukapitirira madigiri 140, choncho moto umayamba wataya nthawi kuumitsa madziwo, ndipo pofika poti ifiire, m'kati mwauma kale. Adyo wotsalira pamwamba nayenso amapserera msanga n'kuyamba kuwawa.

Makala akhale oti malawi atha, achita phulusa loyera pamwamba. Yalani nthuli motalikirana, musazipanikize. Zisiyeni mphindi zitatu kapena zinayi musanatembenuze, mpaka zinyamuke zokha pawaya. Nthuli za kukula kumeneku zimapsa pa mphindi 10 mpaka 15, malinga ndi moto. Mukaphula, zidikire mphindi zisanu m'mbale musanagawe.

WOULUTSA: Ndikadula nthuli imodzi, ndidziwa bwanji kuti zayenda bwino?

MAYI: Lumani pakati penipeni. Ngati mchere ukumveka mpaka pakati ndipo pali msuzi, nthawi ya mchere inakwana. Ngati kunja kuli mchere koma pakati pali zii, munachedwa kuthira kapena nthuli zinakula. Kunja kukakhala kotuwa ndi kouma, konyenyeka, ndiye kuti zowawasa zinachuluka kapena zinakhalitsa. Kukada bii n'kumawawa pamene m'kati simunapse, mwina munali shuga, uchi kapena tomato sosi m'zokometsera, kapena adyo sanachotsedwe. Zotsekemera zimapserera msanga, choncho muzipake mphindi zomaliza, nyama ili pafupi kupsa.

WOULUTSA: Tsopano omvera athu ambiri alibe filiji, ndipo ena ali nayo koma magetsi amazima. Achite bwanji?

MAYI: Amenewo aiwale za usiku wonse. Ndikunena motsindika, chifukwa ena amaganiza kuti mchere ndi mandimu ziteteza nyama pa shelefu mpaka m'mawa. Mchere wa masipuni awiri uja ndi wokometsera, si wosungira, ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi umene amathira pofutsa nyama. Tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timaswana mofulumira pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo m'khitchini mwathu kutentha kumakhala pakati pomwepo. Lamulo lake ndi lakuti nyama yaiwisi isakhale kunja kwa filiji kupitirira maola awiri. Kukatentha kuposa madigiri 32, monga mwezi wa Okutobala kapena masiku ambiri ku Nsanje, ku Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, likhale ola limodzi. Kumbukiraninso kuti nyama ya pamsika yakhala kale panja isanafike m'manja mwanu, choncho pitani m'mawa itangophedwa, ndipo musamayendeyende nayo m'jumbo padzuwa.

Tsono wopanda filiji agule Loweruka m'mawa, ayatse moto msanga, ngakhale alendo asanafike. Adule nthuli zocheperapo, theka la zija ndanena, kuti mchere usakhale ndi ulendo wautali. Zokometsera ndi zomwe zija, ndipo ndimu ilowe nthawi yomweyo poti nthawi ndi yochepa. Avundikire chifukwa cha ntchentche, aike pamalo pozizirirapo m'nyumba, adikire mphindi 45 kapena ola limodzi, basi pamoto. Ngati mbuziyo ndi yokhwima, apa ndi pamene papaya uja amathandiza, chifukwa iye ola limodzi limamukwanira. Ndipo musadandaule kuti mwamanidwa zambiri. Fungo la adyo ndi tsabola, monga ndanena, limakhala pamwamba, ndipo pa ola limodzi limakhala litagwira kale.

WOULUTSA: Nanga wa filiji amene alendo ake asintha tsiku, abwera Lamulungu?

MAYI: Ngati sanathiremo mandimu kapena papaya, nyama ya mbuzi kapena ng'ombe ikhoza kudikira tsiku linanso, bola filijiyo ikuzizira bwino, pansi pa madigiri 5. Idzangokhala yothinana pang'ono chifukwa cha mchere. Nkhuku isapitirire masiku awiri. Apa mukuona ubwino wosunga ndimu mpaka ola lomaliza. Koma ngati magetsi anazima usiku ndipo mwapeza nyama yafunda, musadalire mphuno, chifukwa adyo ndi tsabola zimabisa fungo, ndipo tizilombo tina todwalitsa sitinunkhitsa nyama n'komwe. Filiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi okha magetsi atazima.

WOULUTSA: Pali funso limene omvera amatifunsa kawirikawiri. Msuzi wotsala m'mbale uja, ena amauthira pa nyama ikapsa, ena amapangira supu. N'zololedwa?

MAYI: Msuzi umenewo wakhudzana ndi nyama yaiwisi, choncho muuone ngati nyama yaiwisi. Kuuthira pa nyama yakupsa n'kubwezera tizilombo timene moto unapha. Mukaufuna, uyambe wawira bwinobwino m'kapoto, uchite kubwata. Njira yosavuta ndi kupatula pang'ono zokometserazo m'kapu musanaikemo nyama, zimenezo ndiye muzipaka pomaliza. Mbale imene munanyamulira nyama yaiwisi kupita nayo kumbaula isakhale yomweyo yolandirira yakupsa, pokhapokha mutaitsuka ndi sopo. Pa nkhuku, onetsetsani kuti yapsa mpaka pafupa, msuzi wotuluka ukhale woyera, wopanda magazi. Amene ali ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya, afikitse madigiri 75 pakati pa ntchafu. Chenjerani makamaka ndi nkhuku ya m'chambiko kapena ya zokometsera zofiira, chifukwa kunja imaoneka yakupsa msanga.

WOULUTSA: Mwatchula mbale yapulasitiki ndi yagalasi. Mapoto athu a tsiku ndi tsiku aja bwanji?

MAYI: Ambiri mwa mapoto amenewo ndi a aluminiyamu, ndipo aluminiyamu amadyedwa ndi asidi ndi mchere. Mukasiyamo nyama ya mandimu kapena viniga, nyamayo imatha kuda pamene yakhudza poto ndi kumveka kachitsulo m'kamwa, potoyo n'kuchita timaenje. Mbale zopaka utoto woyera zija ndi zabwino ngati sizinasupuke. Zikasupuka n'kuonekera chitsulo chakuda, zisiyeni. Poto wachitsulo chosachita dzimbiri alibe vuto. Ndipo jumbo zakuda zonyamulira katundu kumsika si zoikamo nyama yonyika, pezani zoyera zopangidwira chakudya.

WOULUTSA: Nthawi yatithera.



Omvera, mafunso anu pitirizani kutitumizira. Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakamba za kaphikidwe ka nyemba zouma, ndi chifukwa chake zina zimakana kufewa ngakhale ziwire tsiku lonse. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera)